Maitosisi ndi meyosisi: funsani kuti chikulekana n'chiyani

Mayeso a bayoloje a chaka choyamba akayandikira, ophunzira ambiri amakhala ataloweza kale mayina anayi aja: profezi, metafezi, anafezi, telofezi. Amatha kuwatchula ngakhale mutawadzutsa pakati pa usiku. Koma mphunzitsi akajambula selo lokhala ndi timizere tingapo pakati, n'kufunsa kuti selo limeneli lili pa maitosisi kapena pa meyosisi, kalasi yonse imangoti zii. Vuto si kuchepa nzeru ayi. Vuto ndi lakuti mayina anayiwo amapezeka m'njira zonse ziwiri zimene selo limagawikanira, ndiye pawokha sangakuuzeni kusiyana. Kusiyana kuli pa funso limodzi loti muzidzifunsa nthawi zonse mukaona selo likugawikana: pamene makromosomu akukokedwera uku ndi uku, chimene chikulekana n'chiyani kwenikweni? Mukagwira funso limeneli, manambala, zithunzi ndi matenda omwe zimayamba kumveka zokha.

Tiyambe tadziwa zimene zikugawidwa

Mkati mwa selo muli nyukiliyasi, chipinda chosungiramo DNA. DNA ndi ulusi wautali kwambiri umene unalembedwa malangizo opangira thupi ndi kuliyendetsa, ndipo kachigawo ka ulusiwo konyamula langizo limodzi kamatchedwa jini. Ulusiwu sukhala umodzi. Unadulidwa m'zidutswa, ndipo chidutswa chilichonse, pamodzi ndi mapuloteni amene chakulungidwapo, ndicho kromosomu. Selo la munthu lili ndi makromosomu 46, la chimanga 20, la anyezi 16, ndipo la udzudzu wa anofelesi, wofalitsa malungo uja, lili ndi 6 okha.

Manambala onsewa amagawika pawiri popanda chotsala, ndipo si mwangozi. Makromosomu amakhala awiriawiri, imodzi yochokera kwa mayi, inzake kwa bambo. Awiri oterewa amatchedwa mahomologi. Ndi ofanana kutalika, ndipo majini ake anandandalikidwa mofanana, koma zolembedwamo zimatha kusiyana: pamalo pamene kromosomu ya kwa mayi ikuti magazi a gulu A, ya kwa bambo ikhoza kunena kuti gulu O. Selo lokhala ndi mbali zonse ziwiri limatchedwa dipuloidi, ndipo timalemba 2n. Lokhala ndi mbali imodzi yokha, monga dzira kapena mbewu ya mwamuna, ndi hapuloidi, timalemba n. Kwa munthu 2n = 46 ndipo n = 23.

Tsopano pali mawiri ena amene amasokonezedwa ndi mahomologi. Selo lisanagawikane limayamba lakopera DNA yake yonse, pa nthawi yotchedwa gawo la S. Kukoperako kukatha, kromosomu iliyonse imakhala ndi timizere tiwiri tofanana ndendende, togwirana pamalo otchedwa sentromiya. Timizere timeneti ndi makromatidi apachibale. Chithunzi chooneka ngati X chimene mumaona m'mabuku ndi kromosomu imodzi yokhala ndi makromatidi awiri, osati makromosomu awiri.

Taganizirani manotsi a m'kalasi. Anzanu awiri anakhala mu phunziro limodzi, aliyense n'kulemba zake. Mitu ndi yofanana, dongosolo ndi lomwelo, koma mawu akusiyana apa ndi apo. Amenewo ndi mahomologi. Mukatenga manotsi a mmodzi n'kukachita fotokope, kenako n'kumanga pepala lenileni ndi fotokope yake pa sitepula, mwapeza makromatidi apachibale, ndipo pamene pali sitepulapo ndiye sentromiya. Chomangidwa pa sitepula chija chimawerengedwa ngati chimodzi mpaka mutachimasula. Lamulo lowerengera ndi lomwelo: makromatidi akadali ogwirana pa sentromiya, imeneyo ndi kromosomu imodzi, ndipo akangolekana aliyense amakhala kromosomu payekha.

Maitosisi: kuchulukitsa popanda kusintha

Maitosisi ndi njira imene selo limodzi limapangira maselo awiri okhala ndi makromosomu ofanana ndi a kholo lawo. Ndi imene inakuchotsani pa selo limodzi n'kukufikitsani pa msinkhu umene mulipo. Ndi imene imatseka chilonda, imakonza khungu ndi mkati mwa matumbo, imapanga maselo atsopano a magazi m'mafuta a m'mafupa, ndiponso imatalikitsa muzu wa chimanga m'nthaka. Amene anaifotokoza bwino poyamba ndi Walther Flemming wa ku Germany, mu 1882, atayang'anitsitsa maselo a kanyama kooneka ngati buluzi kotchedwa salamanda.

Tiyeni tiitsatire m'selo la udzudzu, poti makromosomu 6 ndi osavuta kuwerenga. Gawo la S latha, ndiye tili ndi makromosomu 6, makromatidi 12. Pa profezi, ulusi uja umapindika n'kufupika mpaka kuoneka pa maikulosikopu, chikopa cha nyukiliyasi chimaphwasuka, ndipo kuchokera kumalekezero awiri a selo kumatuluka tizingwe totchedwa sipindo. Tizingwe ta mbali ino timagwira kromatidi imodzi, ta mbali inayo timagwira mbale wake. Pokhala kuti mbali zonse zikukoka, kromosomu iliyonse imakankhikira pakati. Imeneyo ndiye metafezi: makromosomu onse 6 pamzere umodzi, iliyonse payokha. Homologi ya kwa mayi ndi ya kwa bambo zili pamzere womwewo, koma sizilabadirana n'komwe. Ina ikhoza kukhala kumtunda kwa mzere, inzake kumunsi.

Chimene chimagwirizira makromatidi apachibale ndi puloteni yooneka ngati mphete yotchedwa kohesini. Selo silifulumira kuidula. Limadikira mpaka kromosomu iliyonse itagwidwa bwino mbali zonse ziwiri, ndipo ngakhale imodzi yokha itatsalira, zonse zimaima. Zikalongosoka, enzaimu yotchedwa separesi imadula kohesini yense nthawi imodzi, makromatidi n'kulekana. Iyi ndi anafezi, ndipo funso lathu lija layankhidwa: pa maitosisi, amene akulekana ndi makromatidi apachibale. Kwa kanthawi kochepa selolo limakhala ndi makromosomu 12, pakuti kromatidi iliyonse tsopano yaima payokha, 6 akupita uku, 6 uko. Pa telofezi, chikopa cha nyukiliyasi chimamangidwanso mbali zonse, kenako selo lenilenilo limagawikana. La nyama limadzimanga m'chiuno mpaka kuduka, pamene la mbewu, poti lili ndi khoma lolimba, limamanga khoma latsopano pakati. Zotsatira zake ndi maselo awiri, lililonse makromosomu 6, atatu a kwa mayi ndi atatu a kwa bambo, monga zinalili poyamba.

Izi mukhoza kuziona ndi maso anu mu labu. Ikani anyezi pakamwa pa botolo la madzi mpaka atatulutsa mizu, dulani kansonga ka muzu kotalika mamilimita awiri kapena atatu, kafewetseni mu asidi wa haidrokuloriki wosungunula, thirani utoto wa osini, ndipo mukavindikira ndi kagalasi kopyapyala finyani ndi chala molunjika, osapotoza. Ambiri amalakwa podula motalika, kenako amadandaula kuti sakuona kanthu. Maselo amene akugawikana ali kunsonga kwenikweni, ndipo ndi ang'onoang'ono, ooneka ngati timabokosi. Ataliatali a kumtunda anasiya kale kugawikana. Ngakhale kunsongako, maselo ambiri mudzawapeza ali ndi nyukiliyasi yozungulira yopanda timizere, chifukwa maitosisi yeniyeni imatenga kagawo kochepa ka moyo wa selo. M'maselo a munthu amene amagawikana kamodzi pa maola pafupifupi 24, maitosisi imatenga pafupifupi ola limodzi. Nthawi ina yonseyo selo limakhala likukula ndi kukopera DNA.

Chifukwa chake pakufunika njira yachiwiri

Dzira la mayi likanakhala ndi makromosomu 46, mbewu ya bambo 46, mwana akanakhala ndi 92, mdzukulu 184. Kuti nambala isamakwere m'badwo uliwonse, payenera kukhala malo pamene imadulidwa pakati. Edouard van Beneden wa ku Belgium anaona zimenezi mu 1883 m'nyongolotsi za m'mimba mwa akavalo: dzira ndi mbewu ya mwamuna zinali ndi theka la makromosomu, ndipo zikakumana nambala inkabwerera mwakale. Njira yodulirayo ndi meyosisi, ndipo mwa munthu imachitika m'ziwalo zoberekera mokha.

Koma kudula pakati sikutanthauza kungotenga makromosomu 23 aliwonse. Dzira liyenera kukhala ndi kromosomu imodzi ya nambala 1, imodzi ya nambala 2, mpaka kumapeto. Pa awiri aliwonse pachoke mmodzi, osati onse, osatinso kusowa. Kuti zimenezi zitheke, mahomologi ayenera kuyamba afunana n'kugwirana, chinthu chimene pa maitosisi sichichitika. Meyosisi yonse yagona pamenepa. DNA imakopedwa kamodzi, selo n'kugawikana kawiri motsatizana, ndipo kugawikana koyambako ndi kumene kuli kwachilendo.

Meyosisi yoyamba: pamene pagona nkhani

Tibwerere kwa udzudzu. Poyambira ndi pomwe paja: makromosomu 6, makromatidi 12. Koma pa profezi yoyamba, kromosomu iliyonse imapeza homologi yake, ziwirizo n'kugona moyandikana kuyambira kumutu mpaka kumchira, jini moyang'anizana ndi jini inzake. Kugundana kumeneku kumatchedwa sinapusisi. Gulu lililonse lili ndi makromosomu awiri, kutanthauza makromatidi anayi, ndipo limatchedwa baivalenti. Udzudzu uli ndi mabaivalenti 3, chimanga 10, munthu 23. Ngakhale X ndi Y za mwamuna, zimene zimasiyana kwambiri kukula, zili ndi kachigawo kofanana kunsonga kamene zimagwiranirana.

Ali chigonere choncho, pamachitika chinthu chimene ine chimandidabwitsabe. Selo limadula DNA yake mwadala. Kromatidi ya kwa mayi imaduka pamalo ena, ndipo pokonza podukapo imalumikizidwa ndi kromatidi ya kwa bambo, ziwirizo n'kusinthana zidutswa. Potsiriza pamakhala kromatidi imene mutu wake ndi wa kwa mayi, mchira wa kwa bambo. Pamalo posinthanirapo pamaoneka ngati mphambano pa maikulosikopu, ndipo pamatchedwa kayazima. Umboni wakuti makromosomu amasinthanadi zidutswa zenizeni unapezeka m'chimanga: mu 1931 Harriet Creighton ndi Barbara McClintock anagwiritsa ntchito kromosomu nambala 9 ya chimanga yokhala ndi kamfundo kooneka kunsonga, ndipo anasonyeza kuti majini akasinthana, kamfundo kaja kamasamukanso.

Mabuku ambiri amangonena kuti kusinthanaku kumabweretsa kusiyanasiyana kwa ana, ndipo n'zoona. Koma kuli ndi ntchito ina imene ophunzira sauzidwa kawirikawiri: kayazima ndi imene imamangirira mahomologi pamodzi. Popanda kayazima ngakhale imodzi pa baivalenti, awiriwo amatayana nthawi isanakwane, ndipo sipindo siidziwa kuti uyu apite kuti, uyo apite kuti.

Pa metafezi yoyamba, pakati pa selo pamaima mabaivalenti atatu, osati makromosomu 6 payekhapayekha. Mukayang'ana mumaona mizere iwiri yoyang'anizana. Kagwiridwe ka sipindo nakonso kasintha. Makromatidi apachibale onse awiri agwidwa ndi tizingwe ta mbali imodzi, pamene homologi yawo yagwidwa ndi ta mbali inayo. Separesi ikabwera imadula kohesini wa m'mikono ya makromosomu, makayazima n'kumasuka, koma kohesini wa pa sentromiya sadulidwa, chifukwa pali puloteni yomuteteza yotchedwa shugoshini. Choncho pa anafezi yoyamba amene akulekana ndi mahomologi, ndipo makromatidi apachibale amapitira limodzi, akadali ogwirana.

Werengani tsopano. Selo lililonse mwa awiriwo lalandira makromosomu 3, iliyonse ya makromatidi awiri. Ambiri amakodwa apa. Amaona makromatidi 6 n'kuganiza kuti selolo likadali dipuloidi. Ayi ndithu. Dipuloidi sitiyesa ndi kuchuluka kwa DNA, koma ndi kupezeka kwa mahomologi onse awiri. Muno mulibe kromosomu imene ili ndi mnzake. Selo lakhala kale hapuloidi pa kugawikana koyamba, ngakhale kuti kwachiwiri kusanachitike.

Palinso china chimene chachitika pamzere paja. Baivalenti iliyonse imatembenuka mmene yafunira, osayang'ana inzake. Pa yoyamba, kromosomu ya kwa mayi ikhoza kuyang'ana kumanzere, pa yachiwiri n'kuyang'ana kumanja. Baivalenti iliyonse ili ndi njira ziwiri, ndiye kwa udzudzu 2 × 2 × 2 = 8: mitundu isanu ndi itatu ya mazira kapena mbewu kuchokera kwa udzudzu umodzi. Kwa chimanga ndi 1,024. Kwa munthu, 2 kuchulukitsa maulendo 23 kumapereka 8,388,608, ndipo apa sitinawerengere kusinthana zidutswa kuja. N'chifukwa chake ana a bere limodzi amafanana koma sakhala munthu mmodzi.

Meyosisi yachiwiri

Iyi siifuna mawu ambiri, pakuti kayendedwe kake n'kofanana ndi maitosisi. Chofunika kukumbukira n'chakuti pakati pa kugawikana koyamba ndi kwachiwiri palibe gawo la S, DNA siikopedwanso. Makromosomu 3 aja amaima pamzere umodzi, chitetezo cha pa sentromiya chimachoka, kohesini wotsala amadulidwa, makromatidi apachibale n'kulekana. Mapeto ake ndi maselo anayi, lililonse makromosomu 3 a kromatidi imodziimodzi. Ndipo makromatidi amene akulekana panowa sali ofanananso ndendende monga pa maitosisi, chifukwa ena anasinthana kale zidutswa ndi homologi.

Mawu akuti maselo anayi amafuna kusamala. Mwa mwamuna n'zoona: onse anayi amakhala mbewu, ndipo ntchitoyi imayamba akatha msinkhu n'kumapitirira moyo wonse. Mwa mkazi, kugawikana kumakhala kokondera. Selo limodzi limatenga pafupifupi chakudya chonse n'kukhala dzira, ndipo makromosomu otsalawo amatayidwa m'timaselo ting'onoting'ono timene timafota. Nthawi yakenso ndi ina. Mazira a mwana wamkazi amayamba meyosisi iye akadali m'mimba mwa mayi ake, n'kuima pa profezi yoyamba. Amakhala chiimire mpaka mtsikanayo atakula, pamene mwezi ndi mwezi dzira limodzi limamaliza kugawikana koyamba. Likatero limaimanso pa metafezi yachiwiri, ndipo limamaliza pokhapokha mbewu ya mwamuna italowa. Ndiye kuti dzira lotuluka mwa mayi wa zaka 40 lakhala pa profezi yoyamba zaka zoposa 40.

Zikalakwika

Mahomologi kapena makromatidi akakanika kulekana, onse awiri amapita mbali imodzi. Malo amene vutolo lachitikira amadziwika poyang'ana zotsatira. Mwa udzudzu wathu, baivalenti imodzi ikakanika kulekana pa meyosisi yoyamba, maselo onse anayi amalakwika: awiri amakhala ndi makromosomu 4, awiri ndi 2. Vuto likachitika pa meyosisi yachiwiri, m'selo limodzi mwa awiri aja, zotsatira ndi 3, 3, 4 ndi 2: awiri abwinobwino, awiri olakwika. Funso limeneli aphunzitsi amalikonda, ndipo njira yosaphonya ndi kujambula ndi mapensulo a mitundu iwiri, wina wa kwa mayi, wina wa kwa bambo.

Mwa anthu, dzira lokhala ndi makromosomu 24 likakumana ndi mbewu ya 23, mwana amakhala ndi 47. Nthawi zambiri mimba yotere imapita padera miyezi yoyambirira. Koma yowonjezerayo ikakhala kromosomu nambala 21, imene ndi yaing'ono, mwana amatha kubadwa, ndipo amakhala ndi chibadwa chodziwika ndi dzina la dokotala John Langdon Down, amene anachifotokoza mu 1866. Kuti chimayamba ndi kromosomu yowonjezera zinadziwika mu 1959 ku Paris. Mwayi woti zimenezi zichitike umakwera msinkhu wa mayi ukamakwera, ndipo chifukwa chimodzi chachikulu ndi kohesini uja. Anaikidwa pa makromosomu mayiyo asanabadwe, ndipo pa zaka zonse zodikira zija amanka nafooka, mahomologi n'kumatayana. Komabe ana oterewa amabadwa kwa amayi a misinkhu yonse, ndipo nthawi zina kromosomu yowonjezerayo imachokera kwa bambo. Inu amene mudzagwire ntchito m'zipatala mudzakumana ndi mayi amene akunenedwa kuti anachita china chake kapena analodzedwa. Mudzamuuze momveka kuti palibe chimene anadya, anachita kapena analephera kuchita. Zinachitika mkati mwa selo limodzi, mimba isanayambe n'komwe.

Kulakwika kwa maitosisi kumayenda mosiyana. Nthawi zambiri sikukhudza mwana wodzabadwa, koma maselo ochokera ku selo lolakwikalo m'thupi la mwiniwake. Choopsa kwambiri ndi pamene selo lasiya kumvera malamulo oletsa kugawikana, n'kumangochulukana. Imeneyo ndiye khansa. Mankhwala ena a khansa amalimbana ndi sipindo yeniyeniyo. Vinkristini, wochokera ku kaduwa ka ku Madagascar kamene kamabzalidwanso m'makomo kuno, amaletsa tizingwe ta sipindo kumangika, selo n'kukakamira lisanafike pa anafezi mpaka kufa. Ndi mmodzi mwa mankhwala ochizira khansa ya Burkitt, imene imagwira ana ambiri m'chigawo chino cha Afirika. Poti mankhwala ambiri a khansa amagunda selo lililonse logawikana msanga, a tsitsi, a m'matumbo ndi a magazi amavutikira limodzi, ndipo n'chifukwa chake odwala amathothoka tsitsi.

Kumunda zimaoneka bwanji

Mlimi wa chinangwa ku Nkhotakota akadula mtengo wa chinangwa n'kuubzala, mbewu yatsopano imamera mwa maitosisi yokha. Majini ake ndi omwe aja a kholo, ndiye chokoma chimabala chokoma, chowawa chimabala chowawa. N'chimodzimodzi mbatata ndi nthochi. Chimanga ndi nkhani ina, chifukwa njere iliyonse inadutsa pa meyosisi kawiri, ku ngayaye kumene kumachokera mungu, ndi ku chisononkho kumene kuli dzira. Mbewu ya haibulidi ya m'paketi imamera mofanana chifukwa makolo ake awiri anayeretsedwa kwa mibadwo yambiri mpaka mahomologi a kholo lililonse anafanana, ndiye njere zonse zimalandira zofanana kuchokera mbali iliyonse. Koma haibulidiyo payokha ili ndi mahomologi osiyana kwambiri. Ikachita meyosisi, kusinthana zidutswa ndi kutembenuka kwa mabaivalenti 10 kumasakaniza zonse. Mukabzala njere zokolola, m'munda mumatuluka chachitali ndi chachifupi, chocha msanga ndi chochedwa, zokolola n'kutsika. Alangizi akamati haibulidi sabwereza, gwero lake ndi meyosisi yoyamba.

Nthochi zambiri zimene timadya zilibe njere pa chifukwa chokhudzana ndi zomwezi. Zili ndi magulu atatu a makromosomu, 33 onse pamodzi, m'malo mwa awiri. Pa maitosisi palibe vuto, poti kromosomu iliyonse imaima payokha, ndiye nthochi imakula bwinobwino. Pa meyosisi, atatu sangagawike mofanana mbali ziwiri, ndipo mazira ndi mungu zimatuluka zosalongosoka.

Mbewu zimatithandizanso kuwongola chiganizo china chimene chimalowezedwa molakwika, chakuti maitosisi ndi ya maselo a dipuloidi okha. Maitosisi imasunga nambala imene yaipeza, kaya ndi 2n kaya ndi n. Mu ngayaye ya chimanga, meyosisi imapanga maselo a makromosomu 10, ndipo lililonse limagawikananso mwa maitosisi mkati mwa kanjere ka mungu kuti lipange mbewu zamphongo ziwiri, iliyonse ya makromosomu 10. Meyosisi ndi imene ili ndi malire, chifukwa imafuna mahomologi oti agwirane.

Mukapatsidwa chithunzi pa mayeso

Musathamangire kutchula dzina. Yambani mwayang'ana pakati pa selo. Ngati makromosomu aima awiriawiri moyang'anizana, wamtali ndi wamtali mnzake, wamfupi ndi wamfupi mnzake, imeneyo ndi metafezi yoyamba ya meyosisi, palibenso china. Ngati akukokedwera kumalekezero koma iliyonse ikuonekabe ndi makromatidi awiri, ndi anafezi yoyamba.

Povuta ndi pamene aima pamzere umodzi, kapena pamene olekanawo ali makromatidi, chifukwa maitosisi ndi meyosisi yachiwiri zimaoneka mofanana. Apa fufuzani mahomologi. Tinene kuti mwapatsidwa selo lokhala ndi makromosomu 6 pamzere umodzi, ndipo simunauzidwe kuti ndi la chamoyo chanji. Mukaona awiri ataliatali ofanana, awiri apakati ofanana ndi awiri afupiafupi ofanana, selolo ndi dipuloidi, 2n = 6, ndipo lili pa metafezi ya maitosisi. Koma onse 6 akakhala osiyana kutalika ndi malo a sentromiya, palibe amene ali ndi mnzake. Limenelo ndi selo la hapuloidi, ndipo yankho limene wofunsa akuyembekezera ndi metafezi yachiwiri ya chamoyo cha 2n = 12. Makromosomu akakhala 3, 5 kapena 7 pamzere umodzi, ganizirani meyosisi yachiwiri msanga, popeza nthawi zambiri selo la dipuloidi labwinobwino silikhala ndi nambala yotsala imodzi poigawa pawiri.

Funso likakhala la manambala, lembani mizere iwiri papepala, wina wa makromosomu, wina wa makromatidi, ndipo muyende nayo gawo ndi gawo. Kwa munthu, selo lolowa meyosisi lili ndi makromosomu 46 ndi makromatidi 92. Likamaliza kugawikana koyamba, lililonse lili ndi makromosomu 23 ndi makromatidi 46. Likamaliza kwachiwiri, makromosomu akadali 23, koma iliyonse ndi kamzere kamodzi. Yesani kuchita chimodzimodzi ndi chimanga, kuyambira pa 20, kenako ndi anyezi, kuyambira pa 16, musanatsegule buku.